Kampira, Ulusi ndi Wotchi: Kulondola, Kumvana kwa Miyeso ndi Madijiti Odalirika pa Mayeso a mu Labotale



Nkhani yathu lero ndi ya manambala amene mumalemba mukamaliza kuyeza chinthu mu labotale. Nambala iliyonse imene mwalemba papepala la mayeso imanena zinthu ziwiri nthawi imodzi. Imanena kukula kwa chinthu chimene mwayeza, ndiponso imanena kuti muyesowo mukuukhulupirira mpaka pati. Wolemba 9.8 ndi wolemba 9.80 sananene zofanana. Wachiwiriyu walonjeza kuti wayeza mosamala kwambiri kuposa woyamba, ndipo wochonga mayeso adzayang'ana ngati zipangizo zake ndi tebulo lake zikumuikira umboni. Kuti tione bwino zimenezi titsatira ntchito imodzi yokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza: kupeza g, liwiro limene chinthu chimaonjezera sekondi iliyonse chikamagwa, pogwiritsa ntchito pendulamu.

Mafunso awiri osiyana

Munthu akabwereza muyeso kangapo, pali mafunso awiri amene tiyenera kumufunsa. Loyamba ndi lakuti, kodi yankho lake lili pafupi bwanji ndi mtengo weniweni wa chinthucho? Uku ndiye kulondola, kumene m'kalasi mumakutchula kuti akyurase. Lachiwiri ndi lakuti, kodi miyeso yake yobwerezabwerezayo ikumvana bwanji yokhayokha? Uku ndiye kumvana kwa miyeso, kumene mumakutchula kuti presizhoni.

Taganizirani sikelo ya pamsika imene singano yake imaima pa magalamu 50 pamene m'mbale mulibe kanthu. Mukaikapo nyama yomweyo kasanu, sikeloyo idzakupatsani nambala imodzimodzi kasanu konse. Miyeso ikumvana bwino lomwe, koma yonse isanu ndi yabodza, ndipo ngakhale mutayeza kazana bodzalo silichoka. Kumvana kwa miyeso mumakuona poyang'ana tebulo lanu lokha. Kulondola simungakuone m'tebulo. Kumafuna chinthu china chakunja chofananitsira, monga mtengo wodziwika kale kapena chipangizo china chimene chinapimidwa bwino.

Mtengo weniweni wa g kuno kwathu

Tisanaweruze aliyense kuti walondola kapena ayi, tidziwe kaye chimene tikulondolacho. Mabuku ambiri amalemba g = 9.81 m/s², ndipo mafunso ambiri a ku sekondale amati mugwiritse ntchito 10 kuti masamu apepuke. Nambala ya 9.81 imachokera pa 9.80665, mtengo umene msonkhano wa mayiko woona za miyeso unagwirizana m'chaka cha 1901. Mtengo umenewu umayenderana ndi malo a pakatikati pa ikweta ndi nsonga za dziko, m'mbali mwa nyanja. Koma g siyofanana paliponse. Kunsonga za dziko ili pafupifupi 9.83, pa ikweta ili pafupifupi 9.78, chifukwa dziko limazungulira komanso ndi lotukuka pakati.

Pendulamu yomweyi ndi imene inaulula zimenezi. M'chaka cha 1672 Mfalansa wina wopenda zakuthambo, Jean Richer, anapita ku Cayenne, pafupi ndi ikweta ku South America, atanyamula wotchi ya pendulamu imene inkasunga nthawi bwino ku Paris. Atafika anapeza kuti wotchiyo ikutsalira ndi mphindi pafupifupi ziwiri ndi theka patsiku, ndipo anachita kufupikitsa pendulamuyo kuti iyambenso kulondola.

Kitwe ndi Ndola zili madigiri pafupifupi 13 kummwera kwa ikweta, pamtunda wokwera mamita oposa 1,200. Kukwerako kumachotsa pafupifupi 0.004 yokha, koma kuyandikira ikwetako kumachotsa zambiri. Zonse zikaphatikizidwa, g ya kuno ndi 9.78 m/s². Wophunzira wa ku Ndola amene wapeza 9.78 sanaphonye, ndipo asamakonze manambala ake kuti afike pa 9.81.

Magulu awiri, pendulamu imodzi

Tiyerekeze kuti magulu awiri apatsidwa zipangizo zofanana: choimikira, ulusi, kampira kachitsulo, rula ya mita imodzi, veniya ndi sitopuwotchi. Ulusi kuchokera pamene wapanidwa kufika pamwamba pa kampira ndi 80.0 cm. Fomula yake mukuidziwa:

g = 4π²L / T²

Apa L ndi utali wa pendulamu, ndipo T ndi nthawi ya ulendo umodzi, kupita ndi kubwerera.

Gulu loyamba lawerenga maulendo 20 katatu ndipo lapeza masekondi 36.2, 36.3 ndi 36.1. Avereji yake ndi 36.2 s, choncho T ndi 1.81 s. Pa L alemba 0.800 m, utali wa ulusi wokha. Yankho lawo likutuluka 9.64 m/s².

Gulu lachiwiri lakumbukira kuti L imathera pakati penipeni pa kampira. Ayeza kampira ndi veniya, apeza kuti m'mimba mwake ndi 2.42 cm, theka lake 1.21 cm, ndipo alemba L = 0.812 m. Koma chifukwa cha changu awerenga maulendo asanu okha nthawi iliyonse, napeza masekondi 8.8, 9.3, 9.0 ndi 9.1. Avereji ndi 9.05 s, T ndi 1.81 s, ndipo kakyuleta ikuwapatsa nambala yoyamba ndi 9.78.

Ndani wachita bwino? Tiyang'ane kumvana kaye. Njira yapafupi yoyezera kumwazika kwa miyeso ndi kutenga waukulu kwambiri, kuchotsapo waung'ono kwambiri, n'kugawa pawiri. Kwa gulu loyamba, 36.3 kuchotsa 36.1 ndi 0.2, theka lake 0.1 s. Pa masekondi 36.2 imeneyi ndi 0.3 peresenti. Kwa gulu lachiwiri, 9.3 kuchotsa 8.8 ndi 0.5, theka lake 0.25 s, ndipo pa masekondi 9.05 imeneyi ndi pafupifupi 3 peresenti. Miyeso ya gulu loyamba ikumvana kakhumi kuposa ya lachiwiri. Chala cha onse chimachedwa kapena kufulumira mofanana podina wotchi, mwina ndi 0.1 kapena 0.2 s, koma gulu loyamba lagawa kuchedwako pa maulendo 20 pamene lachiwiri lagawa pa asanu okha.

Mufomula T ili pa sikweya, choncho chikaiko chake chimawirikiza kawiri chikalowa mu g. Kwa gulu lachiwiri chikufika pafupifupi 5.5 peresenti, kutanthauza 0.5 m/s² mbali iliyonse. Muone nokha: muyeso wawo wa 8.8 s pawokha ukupereka g = 10.3, pamene wa 9.3 s ukupereka 9.3. Chimene gulu ili lingalembe moona mtima ndi 9.8 ± 0.5 m/s². Agunda pafupi ndi mtengo weniweni, koma mwayi wawathandiza. Muyeso umodzi wina ukanaikoka averejiyo uku kapena uko.

Kwa gulu loyamba, chikaiko cha nthawi chikawirikizidwa ndi pafupifupi 0.6 peresenti, cha rula, milimita imodzi pa 800, ndi 0.1 peresenti, zonse pamodzi 0.7 peresenti. Yankho lawo ndi 9.64 ± 0.07 m/s², ndiye kuti kuyambira 9.57 kufika 9.71. Nambala ya 9.78 ili kunja kwa mpanda umenewu. Chimenechi ndicho chizindikiro chimene ndikufuna mupite nacho: miyeso yanu ikamamvana bwino koma mtengo wodziwika uli kunja kwa chikaiko chanu, ndiye kuti pali cholakwika chokhazikika, chimene chikukankhira miyeso yonse mbali imodzi. Kubwereza sikungachichotse. Muyenera kusiya wotchi, muime, mufunse kuti ndi chiyani chimene mukuchita mofanana nthawi zonse koma molakwika.

Kumene zolakwika zokhazikika zimabisala

Pa pendulamu zimabisala m'malo atatu, ndipo chilichonse chimasiya phazi lake. Kuiwala theka la kampira kumafupikitsa L, choncho g imatuluka yaing'ono, monga taonera pa 9.64. Kuwerenga molakwika kumakweza g. Wophunzira akanena kuti "wanu" pamene akusiya kampira, m'malo moyamba ndi ziro, amafika pa 20 atawerenga maulendo 19 okha. Wotchi imaonetsa 34.4 s, iye agawa ndi 20 napeza T = 1.72 s, ndipo g ituluka 10.8. Mukaona yankho la pafupi ndi 10.8 pa maulendo 20, kaikirani kawerengedwe musanakaikire china chilichonse. Chachitatu ndi kukoka kampira patali. Fomula yathu imagwira bwino ngodya ikakhala yaing'ono, yosapitirira madigiri 10. Pa madigiri 30, T imatalika ndi 1.7 peresenti, ndipo g imatsika ndi maperesenti oposa atatu.

Ichi ndi chifukwa chake mayeso ambiri amakuuzani kuti musinthe utali kasanu kapena kasanu n'kamodzi, kenako mujambule girafu ya T² motsutsana ndi L. Mzerewo uyenera kudutsa pa ziro. Gulu limene layeza ulusi wokha lidzapeza mzere wowongoka bwinobwino, madontho ali ndondondo, koma mzerewo udzadula mzere wa L pa −1.2 cm, ndiye theka la kampira lija likudziulula lokha. Chosangalatsa n'chakuti kupendekeka kwa mzere, giradiyenti, sikusintha: kumakhalabe pafupifupi 4.04 s²/m, ndipo 4π² mukaigawa ndi giradiyentiyo mumapeza g yolondola ngakhale utali uliwonse unaperewera. Girafu imalekanitsa zinthu ziwiri zija pamaso panu. Kumwazika kwa madontho kuzungulira mzere kumakuuzani za kumvana, ndipo malo amene mzere wadula angakuuzeni za cholakwika chokhazikika.

Funso la mayeso likati tchulani njira yochepetsera cholakwika, yankho ligwirizane ndi mtundu wa cholakwikacho. Kuwerenga maulendo ambiri, kubwereza n'kutenga avereji, kuika chizindikiro pakati pamene kampira kamadutsa mwaliwiro n'kudinira wotchi pamenepo, zonsezi zimachepetsa kumwazika. Kuyeza mpaka pakati pa kampira, kutseka veniya kaye kuti muone ngati ikuwerenga ziro, ndi kusunga ngodya yaing'ono, zimenezi zimakonza kulondola. Wolemba kuti "ndibwereza kangapo" pa vuto la veniya yosayamba pa ziro wapereka mankhwala a matenda ena.

Dijiti iti imawerengedwa

Tsopano tibwere ku kalembedwe. Madijiti odalirika, amene papepala la mayeso amafupikitsidwa kuti s.f., ndi madijiti onse amene chipangizo chakupatsani motsimikiza, kuphatikizapo lomaliza limodzi lokaikitsa pang'ono. Dijiti iliyonse kuyambira 1 mpaka 9 imawerengedwa. Vuto lonse lili pa ziro.

Ziro wa kutsogolo sawerengedwa, chifukwa ntchito yake ndi kusunga malo chabe: 0.812 ili ndi madijiti odalirika atatu, ndipo 0.0121 m, theka la kampira lija, ilinso ndi atatu. Ziro wa pakati amawerengedwa: 9.05 ili ndi atatu. Ziro wa kumapeto, pambuyo pa kadontho, amawerengedwa, ndipo ndi amene ophunzira amataya kwambiri. Rula yanu imawerenga mpaka milimita imodzi, choncho ulusi wa masentimita 80 ulembedwe 80.0 cm. Mukalemba 80 cm mwadzichepetsa nokha, ngati kuti munayeza ndi chingwe chopanda timizere. Ziro wa kumapeto kwa nambala yopanda kadontho ndi wosokoneza. Munthu akati Kitwe ili pa mamita 1200, sitidziwa ngati maziro awiriwo anayezedwa kapena akungosunga malo. Mukafuna kumveka, lembani 1.2 × 10³ m ngati odalirika ndi awiri, kapena 1.20 × 10³ m ngati ndi atatu.

Kusintha mayunitsi sikuonjezera kapena kuchotsa kanthu pa kudalirika. 81.2 cm, 0.812 m ndi 812 mm ndi muyeso umodzi wa madijiti atatu. Ndipo m'tebulo, miyeso yonse ya mumzere umodzi wotsika ikhale ndi malo a desimale ofanana, chifukwa yachokera pa chipangizo chimodzi: 36.2, 36.0, 35.9, osati 36.2, 36, 35.90. Sitopuwotchi ya manambala imaonetsa mpaka 0.01 s, koma chala chanu sichifika pamenepo. Ngati pepala lanena kalembedwe, tsatirani; ngati silinanene, sankhani kamodzi musasinthesinthe, ndipo musaiwale kuti chikaiko chenicheni ndi cha chala, osati cha wotchi.

Malamulo awiri a masamu

Pophatikiza ndi pochotsa timayang'ana malo a desimale. Ulusi ndi 80.0 cm, theka la kampira ndi 1.21 cm. Kakyuleta ikupereka 81.21, koma rula sinatiuze kanthu za malo achiwiri a desimale, choncho 1 womalizayo alibe maziko. Tilemba 81.2 cm. Yankho limatsatira muyeso wa malo a desimale ochepa kwambiri. Samalani kwambiri pochotsa manambala oyandikana. Madzi akatentha kuchoka pa 24.5 °C kufika pa 27.0 °C, miyeso yonse iwiri ili ndi madijiti atatu, koma kusiyana kwake, 2.5 °C, kuli ndi awiri okha, ndipo chilichonse chimene mudzawerengere kuchokera pamenepo chidzakhala cha madijiti awiri.

Pochulukitsa ndi pogawa timayang'ana chiwerengero cha madijiti odalirika, ndipo yankho limatsatira muyeso umene uli ndi ochepa kwambiri. Manambala owerenga ndi a mufomula salowa m'lamulo limeneli. Maulendo 20 ndi 20 ndendende, 4 wa mufomula ndi 4 ndendende, ndipo π muitenge pa batani la kakyuleta. Wophunzira wonena kuti yankho likhale la dijiti imodzi chifukwa mufomula muli 4 wasokoneza nambala yowerenga ndi muyeso.

Tiyeni timalize ntchito yathu monga iyenera kukhalira, titenge nthawi za gulu loyamba ndi utali wa gulu lachiwiri. L = 0.812 m, madijiti atatu. T = 36.2 s kugawa ndi 20 = 1.81 s, madijiti atatu. T² pa kakyuleta ndi 3.2761. Tikawerengera g, pagalasi pakutuluka 9.78495 ndi manambala ena otsatira. Popeza miyeso yonse iwiri ndi ya madijiti atatu, tilemba 9.78 m/s².

Pali mbuna ziwiri pa sitepe yomalizayi. Yoyamba ndi kudula msanga. Wina akaona 1.81 n'kuifupikitsa kukhala 1.8, T² imakhala 3.24 ndipo g ituluka 9.89. Miyeso yake inali yabwino, koma waiononga yekha ndi cholembera. Sungani madijiti onse mu kakyuleta, kapena dijiti imodzi kapena ziwiri zoonjezera papepala, mudule kamodzi kokha pamapeto. Mbuna yachiwiri ndi kudula mobwereza. Wina amatenga 9.78495, aikweza kukhala 9.785, kenako aikwezanso kukhala 9.79. Ayi. Yang'anani dijiti imodzi yokha yotsatira pamene mukudulapo. Pambuyo pa 9.78 pali 4, ndipo 4 ndi yochepera 5, choncho 8 akhala momwemo.

Malire a malamulowa

Malamulo a madijiti odalirika ndi njira yachidule yonenera chikaiko, ndipo nthawi zina amalonjeza zoposa zimene tili nazo. Gulu lachiwiri lija linali ndi avereji ya 9.05 s, ya madijiti atatu, ndipo potsatira lamulo lokha likanalemba 9.78. Koma taona kuti chikaiko chawo ndi 0.5, choncho 7 ndi 8 aja ndi zokongoletsa chabe. Chikaiko chikawerengedwa, ndicho chimalamula. Chilembeni ndi dijiti imodzi, kenako mudule yankho pa malo a desimale omwewo: 9.8 ± 0.5, kapena 9.78 ± 0.07. Kulemba 9.78495 ± 0.07 n'kudzitsutsa nokha pamzere umodzi. Inu a ku yunivesite mudzaphunzira njira zina zophatikizira zikaiko, zopereka nambala yocheperako pang'ono, koma lamulo la kalembedweli silisintha.

Onaninso chimene 9.78 ± 0.07 ikunena. Mpanda wake ndi 9.71 kufika 9.85, ndipo 9.81 ya m'buku ili m'kati momwemo. Ndiye kuti ulusi, rula ndi chala sizingasiyanitse g ya Kitwe ndi ya Paris pa maulendo 20 okha; kusiyana kwa mizinda iwiriyi ndi 0.3 peresenti, pamene chikaiko chathu ndi 0.7. Richer anakuona kusiyanako chifukwa wotchi yake inkawerenga maulendo masauzande ambiri tsiku lililonse, ndipo kusiyana kwakung'onoko kunkaunjikana mpaka kufika mphindi. Choncho pomaliza lipoti lanu musalembe kuti mwatsimikiza kuti g ndi 9.78. Lembani kuti yankho lanu likugwirizana ndi mtengo wodziwika m'kati mwa chikaiko cha muyeso wanu, ndipo muonetse manambala ake.

Musanapereke pepala, pendani zinthu zinayi. Mzere uliwonse wa m'tebulo ukhale ndi yuniti pamutu pake ndi malo a desimale ogwirizana ndi chipangizo. Masamu a pakati akhale osadulidwa. Yankho lomaliza likhale ndi madijiti ofanana ndi a muyeso wofooka kwambiri, kapena monga funso lalamulira. Ndipo ngati yankho lili kutali ndi mtengo wodziwika, musafufute miyeso yanu n'kuikapo yopeka. Lembani zimene mwapeza, munene mbali imene zapatukira, ndi chimene chingakankhire yankho mbali imeneyo. Wochonga wozolowera amazindikira msanga tebulo lophikidwa, chifukwa miyeso yake imamvana kuposa mmene chala cha munthu chingathere.

Aphunzitsi anzanga, pempho langa kwa inu ndi lakuti sabata ikubwerayi mupatse magulu timipira tosiyana kukula, musawakumbutse za theka la kampira, ndipo gulu lililonse lijambule girafu yake. Kenako afananitse malo amene mizere yawo yadula ndi zimene veniya ikunena za kampira kawo.